DOT 5 si mkulu wake wa DOT 4

Alamu anga amayendetsa Probox yonyamula anthu ndi katundu pakati pa Dedza ndi Golomoti. Tsiku lina masana anandiimbira foni mawu ali njenjenje. Akutsika Khwekhwerere, pa kona ina anaponda buleki ndipo pedulo inangolowa mpaka pansi. Anapopa mofulumira, nakoka handibuleki pang'onopang'ono, nabweza giya, galimoto n'kuima m'mbali mwa msewu. Anthu anatsika, ena akupemphera, ena akutukwana. Atakhala pamenepo kanthawi, anayesanso ndipo pedulo inali itabwerera, ikugwira bwinobwino.

Kubwerera kwa peduloko n'kumene kunandivutitsa maganizo. Payipi ikaphulika kapena silo, labala wotsekera mafuta kuti asachuche, ikang'ambika, mafuta a mabuleki amatayika ndipo buleki sibwereranso yokha. Koma apa pansi panalibe dontho ngakhale limodzi. Ndinawauza kuti asanyamulenso anthu, abwere nayo ku Lilongwe pang'onopang'ono, ku galaja komwe ndimagwira ntchito ndi madala ena omwe anandiphunzitsa umakaniko.

## Botolo lochokera ku Joni

Titatsegula boneti, mafuta a m'kathanki ka mabuleki anali a pepo, oyera bwino. Madala aja anayang'ana kamodzi, nayang'ana alamu.

"Achimwene, munathiramo chiyani umu?"

Alamu anayankha monyadira ndithu. Mnzawo wina anabwera ndi mabotolo kuchokera ku Joni, nawauza kuti awa ndi mafuta apamwamba, okwera mtengo, sakokota penti, sasowa kusintha. Pa botolo panalembedwa DOT 5. Pa chivundikiro cha kathanki panalembedwa DOT 3. Iwo anaganiza zomwe munthu aliyense angaganize: ngati 4 amaposa 3, ndiye kuti 5 amaposa onsewo. Posintha mapadi akutsogolo, mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu anawathandiza kubilida, komwe ndi kutulutsa mpweya ndi mafuta akale m'mabuleki. Amathira a pepo pamwamba, alamu akupopa, mpaka pa nipo iliyonse, kabauti kotulutsira mafuta ka pa wilo, patayamba kutuluka a pepo. Anamanga, napita. Alamu anavomereza kuti kuyambira tsikulo pedulo inali yofewerapo, koma anangoti mwina ndi mapadi atsopano.

Madala sanakalipe. Anangonditumiza botolo lagalasi loyera, la jamu lija. Tinamasula kalipa imodzi yakutsogolo, chitsulo chija chofinya mapadi pa disiki, tinaitembenuza, n'kukhuthulira zonse za m'kati m'botolomo. Tinaliika pa benchi. Posakhalitsa zinthu zinasiyana zokha. Pamwamba panali a pepo. Pansi panali ena oderako, akuda, okhala ndi tizinyalala ta dzimbiri. Pakati panali mzere woonekeratu. Madala anatseka botolo, nalikhutchumula mwamphamvu, zonse n'kuchita mbuu ndi thovu. Atalibwezera pa benchi, akuda aja anabwerera pansi, koma tithovu ting'onoting'ono tinatsalira mu a pepo nthawi yaitali, tikukwera mwaulesi.

"Mukuona?" anatero madala. "Inu mumati mwasintha mafuta. Akale aja sanachoke. Angobisala pansi."

Ndinali nditamva kale kuti mafuta awiriwa sasakanizidwa, koma ndinkangolitenga ngati lamulo. Botolo lija ndi lomwe linandionetsa chifukwa chake, ndipo kuyambira pamenepo sindithira chilichonse m'galimoto yachilendo ndisanadziwe chomwe chili m'katimo.

## Mitundu ndi iwiri, nambala ndi zinayi

Zilembo za DOT zimachokera ku unduna woona za mtengatenga ku America, ndipo malire a mafutawa ali m'lamulo lawo lotchedwa FMVSS 116. Nambala zija sizinena kuti m'botolo muli chiyani. Makamaka zimanena kutentha komwe mafutawo ayenera kupirira asanawire.

DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 onse ndi a banja limodzi, opangidwa ndi mankhwala otchedwa gilaikolo. Mtundu wawo ndi woyera kapena wachikasu pang'ono. Amasakanikirana bwinobwino, ngakhale kuti mukathira DOT 3 m'galimoto yofuna DOT 4 mwatsitsa mphamvu yake yopirira kutentha. DOT 5 yekha ndiye wa silikoni, ndipo amamuthira utoto wa pepo dala kuti munthu asasokoneze. Chosautsa ndi dzina la DOT 5.1. Munthu akaliona pa shelefu amaganiza kuti ndi m'bale wa DOT 5, pomwe ndi m'bale wa DOT 4. Anamupatsa nambalayo chifukwa amapirira kutentha kofanana ndi kwa DOT 5. Kunena zoona, amene anasankha nambala imeneyi sanatiganizire ife ogula.

Lamulo lija limapereka nambala ziwiri pa mtundu uliwonse. Yoyamba ndi ya mafuta atsopano, yachiwiri ndi ya mafuta omwe amwa madzi pafupifupi 3.7 peresenti. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi malirewo amatsika kufika 140. DOT 4 ndi 230 ndi 155. DOT 5 ndi DOT 5.1 onse ndi 260 ndi 180. Nambala yachiwiriyo ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa mafuta ali m'galimoto yanu lero si atsopano.

## Nkhani yonse ndi madzi

Palibe mabuleki omwe madzi salowamo. Chinyontho chimalowera pa kabowo kopumira ka pa chivundikiro, chimadutsa pang'onopang'ono m'mapayipi a labala, chimalowanso nthawi iliyonse mukatsegula kathanki. Funso ndi loti madziwo akalowa amapita kuti, ndipo apa ndi pomwe mabanja awiriwa amasiyana kotheratu.

Gilaikolo amakoka chinyontho ngati mchere wosiyidwa pa mbale nyengo ya mvula. Anthu ambiri amati ichi ndi chilema chake, koma mbali ina ndi ntchito yake. Dontho la madzi likalowa, limasungunuka n'kumwazikana m'mafuta onse. Palibe malo amodzi pomwe madzi akhala okha. Mafutawo alinso ndi mankhwala oteteza chitsulo ku dzimbiri. Choipa chake n'chakuti chaka ndi chaka malire owira amatsika, mankhwala aja amatha mphamvu, n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati tizisintha mafutawa pakatha zaka ziwiri. Kuonongeka kwake ndi kwapang'onopang'ono, ndipo kumayezeka.

Silikoni samwa madzi. Pa botolo zimenezi zimamveka bwino. Koma madzi aja amalowabe, ndipo popeza sangasungunuke, amakhala timadontho. Madzi ndi olemera kuposa silikoni, ndiye amatsetsereka mpaka malo otsika kwambiri, omwe ndi kalipa ndi masilinda a m'mawilo. Kumeneko n'komwe kumatentha kwambiri. Dontho la madzi okhaokha limawira pa madigiri 100, ndipo kumtunda ngati ku Dedza limawira lisanafikenso pamenepo. Mafuta ozungulira dontholo angapirire 260, koma sizithandiza kanthu, chifukwa chofunika ndi kathumba kamodzi ka nthunzi basi.

Buleki imagwira chifukwa chinthu chamadzimadzi sichifinyika. Mukaponda pedulo, mphamvu ya phazi imadutsa m'mafuta mpaka kukakankha pisitoni. Nthunzi imafinyika. Mukaponda, phazi limangopanikiza nthunziyo, pisitoni osasuntha. Nthawi zambiri zimachitika mutangochotsa phazi pa buleki, chifukwa mukaponda mafuta amakhala opanikizika ndipo sawira msanga. Mukamasula, amawira nthawi yomweyo, ndipo mukapondanso pa kona yotsatira mumapeza palibe kanthu. Zikazizira, nthunzi imabwerera kukhala madzi ndipo pedulo imalimbanso. Ndi zomwe zinawachitikira alamu.

Musasokoneze izi ndi mapadi opsa. Mapadi akatentha mopitirira, pedulo imakhala yolimba, mumaponda ndi mphamvu zonse koma galimoto imangopita, ndipo fungo lake limamveka patali. Pedulo yomira ndi nkhani ya mafuta.

## Chimachitika n'chiyani akakumana

Ndamvapo amakaniko ena akunena kuti mukasakaniza awiriwa amasanduka phala nthawi yomweyo. M'botolo lathu sizinatero. Anangokana kusakanikirana, ndipo kukanako kumakwana kupha munthu.

Taganizirani mmene kalipa inapangidwira. Nipo yobilidira ili pamwamba, chifukwa mpweya umakwera. Silikoni ndi wopepuka kuposa gilaikolo. Ndiye mukamathira silikoni n'kumapopa, iye amadutsa pamwamba pa gilaikolo wakale n'kukatulukira pa nipo. Inu mumaona a pepo akutuluka, mumati basi tamaliza. Koma pansi pa kalipa, kuseri kwa pisitoni, gilaikolo wakale wakhala phee. Ngakhale mutapopa malita angati, nipo ya pamwamba singatulutse zonse zomwe zamira pansi.

Gilaikolo wotsalayo anali kale wotopa, wa zaka zosadziwika, poti galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafika kuno n'kuyenda zaka popanda wosintha mafuta a mabuleki. Tsopano chinyontho chilichonse cholowa chimakanidwa ndi silikoni, n'kutsikira kwa iye. Kale madzi ankagawidwa m'mafuta onse a m'galimoto. Pano akusonkhana m'kachigawo kakang'ono kamene kakhala pafupi ndi disiki yotentha. Ubwino wa gilaikolo womwaza madzi watha, ubwino wa silikoni wopirira kutentha nawonso watha. Pisitoni ya kalipa yomwe tinamasula inali ndi dzimbiri mbali imodzi yokha, yakumunsi, ndendende pomwe mafuta akuda aja anakhala.

Palinso vuto la mpweya. Silikoni amasunga tithovu nthawi yaitali, monga tinaonera m'botolo, komanso mwachibadwa amafinyika pang'ono kuposa gilaikolo, makamaka akatentha. N'chifukwa chake pedulo ya alamu inafewa kuyambira tsiku loyamba. Probox ija ili ndi ABS, makina oletsa mawilo kumangika mukaponda buleki mwamphamvu, ndipo ABS ikamagwira ntchito, timavalavu take timatseguka ndi kutseka kangapo pa sekondi imodzi, pampu ikukankha mafuta m'timabowo ting'onoting'ono. Kumeneko ndi kukhutchumula komwe madala anachita ndi botolo lija. Pa msewu wa miyala kapena wa matope, pomwe ABS imadzuka kawirikawiri, silikoni amachita thovu. Ichi ndi chifukwa chake DOT 5 saloledwa m'galimoto za ABS, ngakhale atakhala yekha osasakanizidwa.

Masilo a labala nawo ali ndi mbali yawo. Silo yomwe yakhala zaka mu gilaikolo imakhala itazolowera, yafufuma mwa mlingo wake. Mukaisinthira mafuta a mtundu wina itakalamba kale, ikhoza kuyamba kuchucha. Masita silinda, pampu yomwe pedulo imakankha, ikamachucha m'kati simuona dontho panja. Mumangozindikira kuti mukaima pa maloboti phazi lili pa buleki, pedulo ikutsika yokha pang'onopang'ono.

## Kudziwa chomwe chili m'kathanki

Choyamba ndi kuwerenga chivundikiro. Chimanena zomwe opanga galimoto anafuna, koma sichinena zomwe mwini wake wakale anathira. Mtundu umathandiza, koma musaudalire kwambiri. Utoto wa pepo umafwifwa pakapita nthawi n'kukhala wachikasu kapena wotuwa, ndipo gilaikolo wakale amada.

Mayeso odalirika ndi a madzi, ndipo safuna ndalama. Tengani tambula yagalasi, thiranimo madzi oyera pang'ono. Kokani mafuta pang'ono m'kathanki ndi jakisoni woyera, dontheterani m'madzimo, gwedezani. Gilaikolo amasungunuka n'kusowa, mwina madzi n'kuchita mbuu pang'ono. Silikoni amayandama pamwamba m'timadontho tozungulira, ndipo ngakhale mugwedeze bwanji amabwerera pamwamba. Ngati ena asungunuka ena n'kuyandama, muli zonse ziwiri. Kumbukirani kuti m'kathanki namonso silikoni amakhala pamwamba, ndiye kokani kawiri, kamodzi pamwamba, kamodzi pansi penipeni.

Chikayandama koma chikununkha oyilo, vuto lanu ndi lina, ndipo ndi lalikulu kuposa la alamu. Oyilo wa injini, mafuta a giyabokisi kapena a pawa sitiyaring'i amafufumitsa labala wa mabuleki mofulumira. Chizindikiro choyamba ndi labala wa pansi pa chivundikiro, yemwe amakula n'kupindika moti sabwereranso m'malo mwake. Zikatero labala yense wa m'mabuleki ayenera kuchotsedwa. Kunja kuno ngozi imeneyi imabwera ndi mafuta ogulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa opanda chizindikiro. Palinso mafuta obiriwira otchedwa LHM, a galimoto zina zakale za Citroën, omwe nawonso ndi a banja la oyilo ndipo salowa m'mabuleki a DOT.

## Mmene tinakonzera Probox

Zikanakhala kuti alamu anangothira pang'ono pamwamba n'kuzindikira asanaponde pedulo, ntchito ikanakhala yochepa. Tikanakoka zonse m'kathanki ndi jakisoni, kukachotsa, kukatsuka, kukaumitsa, kenako kuthira DOT 3 kapena DOT 4 watsopano n'kubilida mawilo onse. Chachikulu pamenepo ndi kusagwira pedulo mpaka kathanki katayera.

Koma apa silikoni anali atafika paliponse. Alamu anapempha kuti tingopopa DOT 4 wambiri mpaka a pepo atha. Madala anakana, ndipo ine ndinagwirizana nawo. N'zoona kuti pobwerera ku gilaikolo kupepuka kwa silikoni kumatithandiza, poti amakwera kupita ku nipo. Koma silikoni amamatirira pa chitsulo ndi pa labala, amabisala pomwe payipi yakhota kukwera m'mwamba, ndipo m'bokosi la ABS muli tinjira tomwe mafuta sadutsamo pobilida wamba. Komanso dzimbiri linali litayamba kale.

Tinamasula makalipa onse awiri, tinachotsa mapisitoni. Imodzi inali ndi timaenje ta dzimbiri, tinaisintha. Masilo onse tinaika atsopano. Masilinda a kumbuyo, a m'madiramu, ndi otchipa moti kuwakonza n'kutaya nthawi, tinangogula ena. Masita silinda tinaiphwasula n'kuika labala watsopano. Mapayipi a labala tinasintha onse. Mapayipi achitsulo tinawatsuka ndi mankhwala otsukira mabuleki a sipuleyi, n'kuwauzira mpweya mpaka kuuma. Petulo ndi palafini sizifika pafupi ndi ntchito imeneyi, ngakhale anyamata ambiri amatsukira zimenezo chilichonse, chifukwa kadontho kotsalira kamaononga labala watsopano yemwe mwangogula kumene.

Kusintha mafuta mwa nthawi zonse pa galimoto yaying'ono kumadya pafupifupi lita imodzi. Ife tinagula awiri. Yoyamba tinabilida nayo mawilo onse, tikutapira zotuluka m'botolo lagalasi kuti tione ngati pamwamba pakuyandama kanthu. Kenako tinalumikiza makina oyezera galimoto omwe amatha kuyatsa pampu ya ABS ndi kutsegula mavalavu ake. Titabilidanso, timadontho ta pepo tinatulukanso, ngakhale botolo loyamba linali litaoneka loyera. Tinabwereza mpaka pamwamba pa botolo sipanaonekenso kanthu. Ngati galaja yanu ilibe makina amenewa, pitani komwe ali, chifukwa popanda iwo gawo limeneli silitheka bwino.

Pomaliza tinayesa. Injini ili chizimire, tinapopa mpaka pedulo italimba, n'kuiponda osachotsa phazi kwa theka la mphindi. Siyenera kutsika ngakhale pang'ono. Kenako tinakayesa pa msewu wafumbi wopanda anthu, kuponda mwadzidzidzi kuti ABS idzuke, n'kubwera kudzabilidanso komaliza. Chenjezo limodzi pogwira gilaikolo: akadonthera pa penti, tsirani madzi ambiri nthawi yomweyo, musapukute ndi nsanza youma. Apa mnzawo wa ku Joni uja ananena zoona, silikoni sakokota penti, gilaikolo amakokota.

## Nanga DOT 5 ndi wa yani

Si mafuta oipa. Ali ndi eni ake. Asilikali a ku America amawagwiritsa ntchito m'galimoto zawo zambiri, zomwe zimakhala nthawi yaitali zitaimikidwa. Njinga zamoto za Harley-Davidson zinayendera DOT 5 kwa zaka zambiri, kampaniyo isanasinthire ku DOT 4 cha m'ma 2005 ndi 2006. Osunga galimoto zamakedzana, zopentedwa mokongola, zotuluka kangapo pa chaka, zopanda ABS, amawakondanso. Onsewa amathira silikoni m'mabuleki oyera, a labala watsopano, omwe gilaikolo sanatsaliremo. Ndipo kwa iwo ngozi ndi yomweyi koma yotembenuka: munthu wa Harley yakale akathira DOT 4 pamwamba pa DOT 5, gilaikoloyo amamira kukakhala pansi.

Galimoto yonyamula anthu tsiku ndi tsiku pa Khwekhwerere, pa Chiweta kapena potsikira ku Chikwawa sili m'gulu limeneli. Amene akufuna mafuta opirira kutentha kuposa DOT 3 agule DOT 4, kapena DOT 5.1 ngati buku la galimoto silikuletsa. Pogula DOT 5.1 werengani mpaka kadontho ndi 1 wake, ndipo mukatsegula botolo n'kupeza a pepo, libwezeni. Gulani botolo laling'ono lomata bwino, chifukwa gilaikolo akangotsegulidwa amayamba kumwa chinyontho ali m'botolo momwemo, ndipo theka lomwe lakhala m'buti kuyambira dzinja latha si latsopanonso. Alamu tinawaikira DOT 4, ndipo mwezi ndi chaka chomwe tinathira tinazilemba ndi penti yoyera kunsi kwa boneti, kuti zaka ziwiri zikakwana pasakhale kukangana.